"Tikuimbirani" si yankho

Ambiri mwa inu owerenga tsamba lino mwayamba timabizinesi tanu, ena mwakwezedwa pantchito, ndipo tsiku likubwera loti muuze munthu kuti ntchito sanaipeze. Ife Amalawi mawu akuti "ayi" amatilemera mkamwa, ndiye timathawira ku "tikuimbirani" kapena "tiona mwezi wamawa". Timayesa ndi ulemu. Ine ndimaona kuti ndi nkhanza, chifukwa munthu uja amakhala akuyang'ana foni milungu itatu, nambala iliyonse yachilendo mtima phaa, mwinanso kukana ganyu wina poopa kuti mumuitana Lolemba.

Titenge chitsanzo. Muli ndi sitolo ya zipangizo zomangira ndipo mukufuna wolemba katundu wolowa ndi wotuluka. Mwachititsa intavyu anthu asanu Lachiwiri, mwasankha mmodzi. Musathamangire kukana anayi enawo tsiku lomwelo. Dikirani kaye wosankhidwayo avomere malipiro ndi kusaina kalata, chifukwa ena amasintha maganizo akamva ndalama zake. Akangosaina, tinene Lachisanu, uthenga upite tsiku lomwelo. Ungakhale wotere:

"Mayi Auje, zikomo pobwera ku intavyu Lachiwiri pa ntchito ya wolemba katundu. Tamaliza kusankha ndipo ntchitoyi tapereka kwa munthu wina, choncho inu sitikulembani. Amene tamusankha wagwirapo ntchito yowerenga simenti ndi malata m'sitolo kwa zaka zingapo, zomwe ndi zimene timafuna kwambiri. Tinaona kuti mayeso a masamu munakhoza bwino. Makope a masatifiketi anu mukhoza kudzatenga pasitolo tsiku lililonse. Tikukufunirani zabwino."

Onani pamene pali chigamulo: chiganizo chachiwiri. Munthu akutsegula uthengawu pafoni, mwina ali m'minibasi, ndipo maso ake akufunafuna chinthu chimodzi basi. Mukayamba ndi mizere isanu yomutamanda, amayamba kumwetulira, kenako n'kugwa. Ndipo mawu akuti "sitikulembani" alembedwe ndithu. "Pakadali pano sizinatheke" amamveka bwino, koma "pakadali pano" uja amasiya chitseko chotsegula, munthu n'kumaganiza kuti mwezi wamawa zitheka.

Chiyamikiro nacho chikhale chimodzi, choona, chimene munthu angachigwiritse ntchito kwina. Kumuuza kuti masamu anakhoza kumamuthandiza kudziwa mphamvu yake. Koma "munachita bwino kwambiri kuposa onse" kumangobala funso: nanga bwanji simunanditenge?

Pa chifukwa mpofunika kusamala. Chikhale chokhudza ntchitoyo, osati munthuyo. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kusala ngakhale munthu amene akungofunsira ntchito, kaya chifukwa ndi mkazi, chipembedzo chake, mtundu wake, ulumali, kapena udindo wa pabanja. Ndiye mawu ngati "timafuna mwamuna poti pali zonyamula" kapena "muli ndi mwana wamng'ono, simungakwanitse" si kukoma mtima ayi, ndipo akhoza kukufikitsani kukhoti loona nkhani za ntchito. Ngati chifukwa chanu chenicheni ndi chotere, vuto si kalembedwe ka uthenga, bwererani mukasankhenso. Ngati mulibe chifukwa chomveka choti munene, ingonenani kuti mwasankha wina, osapeka.

Nanga chiganizo chotchuka chija, "tisunga kalata yanu, mwayi ukapezeka tikudziwitsani"? Ndisanachilembe ndimadzifunsa mafunso awiri: kodi pali malo amene ndikudziwa kuti atseguka, ndipo akatseguka ndidzamuimbiradi munthuyu? Yankho likakhala ayi pa limodzi, chiganizocho ndimachichotsa. Likakhala inde, ndimatchula zenizeni: "Mu Okutobala timalemba anthu awiri aganyu chifukwa katundu amachuluka anthu akamathamangira kufolera mvula isanagwe. Ngati mungakonde, mudzafunsirenso nthawi imeneyo, koma sitikulonjeza malo." Apa munthu akudziwa mwezi, akudziwa mtundu wa ntchito, ndipo akudziwanso kuti asadikire.

Wovuta ndi amene wakhala wachiwiri, uja mukumusunga kuopa kuti woyamba angakane. Kumusiya chete n'kosavuta, koma ndi bwino kumuuza zoona ndi tsiku lake: "Sitinamalize kusankha, yankho lomaliza mulandira pofika Lachisanu." Lachisanu likafika muyankhedi, ngakhale yankholo ndi ayi.

Aliyense alandire uthenga wakewake, wokhala ndi dzina lake. Osapanga gulu la pa WhatsApp la onse olephera, ndipo pa imelo osaika maadiresi onse pamodzi poti aliyense aone anzake. Wina akayankha modandaula kuti muganizenso, mwina ali ndi ana kusukulu, mtima umawawa ndithu. Muyankheni kamodzi, mwaulemu: "Tamva, Bambo, ndipo pepani. Chigamulo sichisintha." Mukayamba za "ndiyankhula ndi abwana" pomwe mukudziwa kuti abwanawo ndinu nomwe, munthu uja ayambiranso kudikira foni.