Mtengo wocepa si ndiwo inshuwalansi yochipa

Nyengo yogula mbewu ndi fataleza ikayandikira, maejenti a makampani a inshuwalansi amafika pa misonkhano ya makopaletivu ndi mapepala a mitengo, amene iwo amawacha makotesheni. Kawirikawiri wapampando amawerenga ndalama yolembedwa pansi pa pepala lililonse, ndipo mamembala amakweza manja kusankha yocepa. Ife tikuti kasankhidwe kotere nkolakwika. Ndalama ya pansi pa pepala imatiuza cimene tidzapereka, koma siitiuza cimene tidzalandira munda ukaonongeka, pamene cimeneco ndico tikugula.

Nkhaniyi si yacilendo kwa ife. Pa K400 imene mlimi wakhala akupereka m'pulogalamu ya FISP, K100 ndi ya inshuwalansi ya zanyengo, ngakhale ambiri a ife sitinaonepo pangano lake. Ndipo tonse tikukumbukira cilala cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024. Cilala cotero cikafika, nthawi yofunsa mafunso imakhala itapita kale.

Tiyeni tiyerekeze mlimi wolima mahekitala awiri a cimanga, amene waika K20,000 pa mbewu, fataleza, mankhwala ndi kulimitsa. Manambala amene tigwiritse nchito ndi acitsanzo cabe, koma kawerengedwe kake ndi komwe mudzacite ndi mapepala enieni. Mlimiyu walandira makotesheni awiri. Yoyamba ikuti alipire K900, yaciwiri ikuti alipire K1,600. Pa msonkhano, yoyamba ikanapambana popanda mtsutso.

Cinthu coyamba kufunafuna pa pepala ndi ndalama yotetezedwa, ndiko kuti ndalama yaikulu kwambiri imene kampani ingalipire munda wonse utatheratu. Pa kotesheni yoyamba ndalamayi ndi K10,000, pa yaciwiri ndi K20,000. Tikagawa colipira ndi ndalama yotetezedwa, tikupeza kuti yoyamba ikutenga K9 pa K100 iliyonse yotetezedwa, pamene yaciwiri ikutenga K8. Conco imene imaoneka yochipa ndiyo yodula. Imaoneka yocepa cifukwa ikuteteza theka lokha la ndalama zimene mlimi wakwirira m'nthaka. Pamenepa funsaninso ngati mtengo wolembedwawo waphatikiza kale msonkho umene boma limatenga pa inshuwalansi ndi zolipira zina za kampani, pakuti ena amalemba mtengo wathunthu, ena amaonjezera patsiku lolipira.

Caciwiri ndi funso lakuti: kodi ndani adzaweruza kuti munda waonongeka, ndipo adzayang'ana ciani? Apa ndi pamene mapangano awiriwa asiyana kotheratu. Loyamba ndi la mtundu umene umatsata muyeso wa mvula. Palibe munthu amene adzabwera kudzaona cimanga canu. Kampani imawerenga mvula imene setilaiti kapena malo oyezera nyengo aonetsa pa dera lonse, ndipo imalipira malinga ndi muyesowo. Tinene kuti pangano likuti malipiro amayamba ng'amba ikapitirira masiku 20 otsatizana, ndipo amakwanira ikafika masiku 40. Ndiye kuti tsiku lililonse loonjezera pa 20 limabweretsa K500. Ng'amba ya masiku 25 idzabweretsa K2,500, ya masiku 30 idzabweretsa K5,000. Koma ngati muyeso waonetsa masiku 18, mlimi sadzalandira ngakhale ngwee imodzi, ngakhale cimanga cake citafota pa nthawi yomasula ngayaye.

Zotere zimacitika popanda cinyengo ca wina aliyense. Tonse timadziwa kuti mvula ikhoza kugwa tsidya lija la mtsinje ndi kulumpha tsidya lino. Muyeso umatenga dera lalikulu ngati munda umodzi, ndipo kamvula kamene kagwa pa mtunda wa makilomita angapo kakhoza kudula ciwerengero ca masiku ouma, nkuyambanso pa tsiku loyamba. Ndiye cifukwa cake tiyenera kufunsa kuti tsiku louma ndi la mvula yocepera mamilimita angati, ndiponso kuti kuwerenga kumayamba ndi kutha pa madeti ati. Amene wabzala mocedwa akhoza kupeza kuti nthawi ya citetezo yatha cimanga cake cisanakhwime. Ubwino wa pangano lotere ulipo ndithu: mlimi sadzaza mapepala odandaula, sadikira woyendera munda, ndipo muyeso ukakwana amalandira ngakhale munda wake utapulumuka.

Pangano laciwiri limayang'ana munda weniweniwo. Tinene kuti lachula cilala, matalala, kusefukira kwa madzi ndi moto. Tsoka likagwa, kampani imatumiza munthu wodzayesa zoonongeka, ndipo imalipira malinga ndi zimene wapeza. Matalala atang'amba cimanga mu Febuluwale, pangano loyamba silidzapereka kanthu, cifukwa mvula inagwa, pamene laciwiri lidzalipira. Komabe mawu akuti "masoka osiyanasiyana" asatigoneke tulo. Cimene sicinalembedwe sicinatetezedwe, ndipo mndandanda wa zokanidwa ndi wofunika kuposa wa zololedwa. Mapangano ambiri a mbewu salipira zoonongeka zimene mlimi akanatha kuzipewa, monga udzu wosapalira kapena mbozi zosapopera mankhwala. Mlimi wa ku Mambwe kapena dera lina la m'cigwa ca Luangwa ayenera kufunsa za njovu mwacindunji. Wina aliyense afunse za ng'ombe za mnansi, za akuba, ndiponso ngati moto ukutetezedwa cimanga cikadulidwa nkuimikidwa m'mikukwe.

Cacitatu ndi gawo la tsoka limene mlimi amasenza yekha kampani isanayambe kulipira. Maejenti amalicha ekisesi. Pa kotesheni yaciwiri palembedwa 20 peresenti. Funso limene ambiri safunsa ndi lakuti: 20 peresenti ya ciani? Tinene kuti theka la munda laonongeka, ndiye kuti zotayika ndi K10,000. Ngati gawolo likuwerengedwa pa zotayika, kampani icotsa K2,000 nkupereka K8,000. Ngati likuwerengedwa pa ndalama yonse yotetezedwa, icotsa K4,000 nkupereka K6,000. Kusiyana kwa mawu awiri kapena atatu kwadya K2,000, ndalama yoposa mtengo wa inshuwalansi yonseyo. Ndipo pa kawerengedwe kaciwirika, zotayika za K3,000 sizilipidwa konse, cifukwa sizinafike pa K4,000.

Tsopano tiike mapangano awiriwa pa sikelo imodzi, poyesa zaka zitatu zoipa. M'caka ca cilala coopsa, pamene ng'amba yakwana masiku 40 ndipo munda wonse wapsa, loyamba lipereka K10,000, laciwiri lipereka K16,000 litacotsa K4,000. M'caka ca ng'amba ya masiku 25 imene yaononga theka la munda, loyamba lipereka K2,500, laciwiri K6,000. M'caka ca matalala oononga theka la munda, loyamba silipereka kanthu, laciwiri K6,000. Kuwerenga kumeneku sikutenga ngakhale ola limodzi, ndipo ndiko kokha kumene kumaonetsa cimene K700 yosiyanitsa mitengo ija ikugula.

Ena adzatiyankha kuti zonsezi nzabwino, koma mlimi ali ndi K900 yokha m'thumba, ndipo citetezo cocepa ciposa kusowa citetezo. Mawuwa ali ndi nzeru, ndipo sitiwanyoza. Koma taonani: pa K8 ya pa K100 iliyonse, hekitala imodzi ya K10,000 ikhoza kutetezedwa ndi pangano laciwiri pa K800. Ndalama yotetezedwa ndi yofanana ndi ya pangano loyamba, mtengo ndi wocepera, masoka ochulidwa ndi oculuka. Cofunika ndi kufunsa ngati kampani imalola kuteteza gawo la munda, ngati ili ndi mtengo umene singatsikire, ndi kulembetsa momveka kuti hekitala yotetezedwa ndi iti. Amene wabzala mahekitala awiri nalembetsa imodzi popanda kuonetsa malire ake akhoza kudulidwa malipiro pakati.

Sitikunena kuti pangano laciwiri ndilo labwino kwa aliyense. Lili ndi zingwe zake. Limafuna kuti tsoka linenedwe m'masiku owerengeka, kuti mlimi asakolole kapena kulima munda woyendera asanafike, ndi kuti asunge malisiti a mbewu ndi fataleza. Nthawi zina limachulanso madeti obzalira. Mlimi wakutali, amene msewu wake umaduka m'dzinja ndipo foni imagwira pa culu pokha, akhoza kulephera zimenezi nataya malipiro onse. Kwa iye, ngati mdani wake wamkulu ndi cilala, pangano la muyeso wa mvula likhoza kukhala loyenera. Koma alisankhe akudziwa kuti wagula citetezo ca ng'amba ya dera lonse, osati ca munda wake.

Pempho lathu kwa makomiti a makopaletivu ndi ili. Musavote pa tsiku limene makotesheni afika. Kotesheni ndi cidule cabe, conco pemphani cikalata cathunthu ca pangano, cifukwa pa tsiku la mkangano cikalataco ndico cidzawerengedwa, osati mawu okoma a ejenti. Muuzeni ejenti aliyense awerenge pamaso panu, ndi colembera, zimene kampani yake ingalipire m'zaka zitatu zija, ndipo asaine pansi pake. Mufunseni kuti malipiro amafika patapita masiku angati, pakuti ndalama yofika mvula yotsatira itagwa kale siigula mbewu ya nyengo imeneyo. Tsimikizani kuti kampaniyo ndi ejenti wake ali ndi layisensi ya bungwe la PIA, limene limayang'anira za inshuwalansi ndi mapenshoni m'Zambia, ndipo limalandira madandaulo a anthu. Mukalipira, tengani lisiti lokhala ndi dzina la kampani ndi nambala ya pangano.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ejenti woona mtima sakwiya ndi mafunso amenewa, ndipo amene akukufulumizitsani kusaina musanawerenge wakuyankhani kale. Bwerani nawo mapepalawo kuno ku sukulu ya zaulimi kapena kwa alangizi a m'dera lanu, tikhale pansi tiwerengere pamodzi mvula isanagwe.