Mwana wathu anagona pa depoti

Ife ndife anthu a kuno ku Phalombe, alimi a nandolo ndi chimanga. Chipitireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, minda yathu ina ndi mchenga ndi miyala yokhayokha, ndipo anyamata athu akuchoka mmodzimmodzi kukafuna maganyu kutali. Tikufuna kufotokoza za mmodzi wa iwo, wa zaka 19, amene anali asanapitirirepo Limbe chibadwire. Dzina lake sititchula, chifukwa mpaka lero amachita manyazi ngati kuti wolakwa ndi iyeyo.

Malume ake a ku Mchinji anamupezera ntchito yonyamula matumba pa sikelo ya munthu wina wogula soya ndi mtedza. Anati afike Lamlungu madzulo pa Kamwendo, akamudikira pamsewu ndi njinga, ntchito ayambe Lolemba m'mawa. Amayi ake anagulitsa kambuzi, ife tinasonkhapo, zinakwana K40,000. Tinawerengera pamodzi: K7,000 kukafika ku Limbe, K20,000 kukafika ku Lilongwe, K6,000 kukafika pa Kamwendo. Yotsalayo tinati ya madzi ndi chimbudzi. Amayi ake anamuphikira chinangwa, namusokera ndalama ya Mchinji m'kati mwa thalauza.

Anadzuka tambala woyamba, ndipo 8 koloko isanakwane anali ali ku Limbe. Oyitanira anamulanda chikwama m'manja asanatsike n'komwe, akuti, "Lilongwe yonyamuka iyi, bigi, yatsala anthu awiri." M'basimo munalidi anthu ambiri ndipo injini inkalira. Atalipira anaona anthu aja akutsika mmodzimmodzi. Anali anyamata a pomwepo, ongokhalira mipando kuti basi ioneke yodzaza. Ife akuluakulu timadziwa kuti munthu wapaulendo umamuona ndi katundu pamiyendo, koma mwanayo anayenera kuzidziwira kuti? Ndalama ikalowa m'thumba la kondakitala sibwerera. Kathumba ka ufa kamene tinamupatsa kuti asakafike chimanjamanja kwa malume anakalipiritsa K2,000, wonyamula chikwama uja naye anafuna K500 yake. Basi inanyamuka 1 koloko masana.

Kuchoka ku Blantyre kukafika ku Lilongwe ndi makilomita opitirira pang'ono 300, ulendo wa maola asanu galimoto ikamayenda bwino. Iyi sinayende bwino. Pa Zalewa onse anatsika, katundu anasechedwa. Pa Chingeni inaima kudikira okwera. Ku Ntcheu dalaivala anati mafuta achepa, pamalo omwetsera panali mzere, ndipo kondakitala anakwera kabaza kukafuna dizilo wa m'zigubu. Anadutsa Dedza kutada kale, mphepo ya Juni ikulowera pa windo losweka. Foni yake, imene anali kuyimbira malume pafupipafupi kuti "ndili m'njira", inazima asanafike pa Nathenje.

Analowa mu depoti ya Lilongwe 9 koloko itadutsa. Anafunsa minibasi ya Mchinji, munthu wina anangoseka n'kuti, "Mawa, aise." Ya ku Kasungu ndi ku Mzuzu mwina ukhoza kuipeza usiku, koma Mchinji ndi msewu wina, wolowera kumalire a Zambia, ndipo minibasi zake zinali zitaweruka kale. Anabwerera kwa kondakitala uja kuti amuuze kuti achedwetsa ndi iwowo. Kondakitala anati iye anamulonjeza Lilongwe, ndipo Lilongwe wake ndi ameneyu.

Anatsala ndi K10,500. Pochotsa K6,000 yosokera m'thalauza ija, yogwiritsa ntchito inali K4,500. Mnyamata wina anamulondolera kumalo ogona alendo kuseri kwa msika, kumene kachipinda kotchipitsitsa anati K8,000. Anabwerera. Pa kabenchi ka wotchaja mafoni analipira K300, ndipo anaima pomwepo osachotsa diso pa foniyo mpaka inayaka. Anagula mayunitsi a K500. Malume anati adikira pamsewu mpaka 7 koloko, kenako anapalasa kubwerera kumudzi. Anati, "Ugone pomwepo, usachoke pamene pali anthu, usayankhe aliyense."

Kenako anayimbira amayi ake. Ena a ife tinali pakhomopo, tinamva. Anati, "Amayi, ndafika bwino ku Lilongwe, ndapeza pogona." Amayi ake anati, "Wadya?" Iye anati wadya. Zinali zabodza zonse ziwiri, ndipo amayiwo anadziwa. Usiku umenewo anakhala pakhonde mpaka kucha, foni ili m'manja, alibe mayunitsi omuyimbira.

Chinangwa chinali chitatha ku Ntcheu. Anagula tiyi ndi banzi kwa mayi wina amene amagulitsa usiku wonse, K1,000. Mayiyo atamuyang'ana anati, "Mwanawe, koyamba?" Anamuuza kuti lamba wa chikwama amukulunge kumwendo, foni aiike m'kati mwa malaya, nsapato asavule ngakhale mapazi atupe chotani, ndipo akamva phokoso la ndewu asapite kukaonerera chifukwa ndi pamene amapisa anthu m'matumba. Pa depoti yonseyo, munthu amene anamuuza chochita ndi mayi wa tiyi ameneyu, amene salandira malipiro kwa wina aliyense kuti azisamala apaulendo.

Anamulozeranso basi ina yoima, imene wolondera wake amalola anthu kugonamo pa K1,000. Analipira. M'katimo munali fungo la dizilo ndi nsomba zouma, munali mayi wa mwana wodwala amene ankachokera kuchipatala, agogo ena awiri, ndi anyamata amene sankawadziwa ngati ndi apaulendo kapena ayi. Anakhala pampando wa pawindo, chikwama kumwendo, ufa pamiyendo. Akuti ankangoti akatsinzina n'kudzidzimuka, kugwira pamene anasokera ndalama. Mwana wodwala uja ankatsokomola osaleka. Cha m'ma 2 koloko dalaivala anabwera n'kuwadzutsa onse: wamva kuti kwina kwafika mafuta, akupita kukaima pamzere. Onse anatsitsidwa. K1,000 ija inapita ndi basiyo.

Maola otsalawo ndiwo amavuta kuwafotokoza, ndipo iye sanatiuze onse tsiku limodzi. Anakhala pakhonde la sitolo yotseka, pa simenti. Kunkazizira, koma iye anali ndi juzi imodzi yopyapyala, chifukwa tinaganiza kuti pofika usiku akhala ali m'nyumba ya malume ake. Anapempha katoni kwa ana amene amagona pomwepo masiku onse, ena ausinkhu wa mng'ono wake wa Sitandade 4, ndipo anamupatsa. M'mimba munayamba kumupota. Chimbudzi cholipira chija, chimene madzulo anaperekako K200, chinali chokhoma ndi loko, woyang'anira atapita kwawo. Kuseri kunali mdima ndi mikodzo. Kuti apiteko anayenera kusankha: anyamule katundu yense kulowa naye mumdima, kapena asiye ufa pakhonde. Anasiya ufa. Pobwerera anapeza katoni yokha.

Akuti sanalire chifukwa cha ufawo. Chimene chinamuliza n'choti patangopita nthawi pang'ono anaona tochi ikuwunika anthu ogona mmodzimmodzi, ndipo anakumbukira nkhani za vakabu zimene amamva kumudzi, zoti ukapezeka panja usiku m'tauni amakutenga. Ife tikudziwa kuti mu Januwale 2017 Khothi Lalikulu linagamula kuti gawo la lamulo la vakabu lomanga munthu pongomuganizira n'losemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Mlanduwo unayamba ndi wogulitsa majumbo wa ku Blantyre amene anamangidwa m'bandakucha akupita kumsika. Koma chigamulo chili m'mabuku, pamene mantha ali m'mimba mwa mwana wa kumudzi amene alibe m'bale m'tauni yonse. Anatulutsa chitupa chake cha unzika n'kuchigwira m'manja, akunjenjemera, kudikira kuti tochi ifike pa iye. Anali mlonda wa sitolo chabe. Anamuthamangitsa pakhondepo, nati awa si malo ogona. Mwanayo anafunsa kuti nanga malo ogona ali kuti, mlondayo anati zimenezo si zake. Anabwerera kwa mayi wa tiyi, amene anamusendezera chigubu kuti akhalepo pafupi ndi mbaula, ndipo sanamuuze kuti agule kanthu.

M'mawa analipiranso K200 kuchimbudzi kuti asukusule. Minibasi ya Mchinji inali itakwera, K7,000, akuti chifukwa cha mafuta. Anang'amba ulusi wa amayi ake, anawonjezera yotsala, m'thumba munatsala K300. Minibasiyo nayo inadikira kudzaza. Anafika pa Kamwendo 11 koloko. Mwini sikelo anali atatenga kale mnyamata wina pa 7 koloko, chifukwa nthawi yogula soya sidikira munthu ndipo ofuna ntchito amakhala ataima pomwepo. Pano mwana wathu akukumba mtedza m'minda ya eni kuti apeze yobwerera.

Si iye yekha. Pakati pa ife amene tikulemba pali mayi amene anagona pa depoti ndi mwana wa miyezi itatu, pali bambo amene anafika pamaliro a mchimwene wake atayika kale. Tinkangoti ndi mmene ulendo umakhalira. Kwacha itagwa mu Novembala 2023 mitengo ya basi inakwera, tinalipira osadandaula. Pa Chingeni ndi pa Kalinyeke anamanga zipata zolipiritsa galimoto, ndipo tikudziwa kuti ndalamayo pamapeto pake imachoka m'thumba la wokwera. Basi iliyonse yolowa mu depoti imalipira pageti. Mayi wa tiyi amadula tikiti ya msika. Ife timalipira ngakhale pokodza.

Mutikhululukire, sitinazolowere kulankhula mokweza kwa akuluakulu, koma zatikwana. Mwa ndalama zonsezi, palibe yokwana kumangira chipinda chimodzi cha mabenchi, cha chitseko ndi getsi, choti munthu wokhala ndi tikiti akhalemo mpaka kucha? Palibe yolipira munthu mmodzi woti chimbudzi chikhale chotsegula usiku? Bolodi yolembapo kuti minibasi yomaliza ya kwakuti imanyamuka nthawi yakuti imadya ndalama zingati? Ndipo inu eni mabasi, amene mumatenga ndalama ya munthu 8 koloko n'kunyamuka 1 koloko, mukudziwa bwino kuti mulibe mafuta okwanira, mumati akafika usiku akagone kuti? Ana anu mumawatumiza pa basi zonyamuka pa nthawi yake, zimene mtengo wake ife sitingaukwanitse. Tikupsa mtima, inde, ndipo sitikudziwanso kuti tikauze ndani, chifukwa aliyense amene tamufunsa akuti si zake.

Mwezi wamawa mtsikana wa kwathu kuno akupita kusukulu ku Kasungu, yekha. Bambo ake ayamba kale kufunsa amene angagule nkhuku zawo, kuti pa ndalama ya ulendo awonjezerepo K8,000 ya chipinda, ngati mtengowo udzakhale usanakwere.