Ndalama zikachedwa, lembani tsiku

Mvula ya ku Malawi siyang'ana pangano lomwe bungwe linasainirana ndi a thandizo. Ikagwa kumapeto kwa Novembala, mlimi amadzala, kaya ndalama za pulojekiti zafika kaya ayi. Tsono tiyerekeze kabungwe kena kothandiza alimi 300 ndi mbewu ya soya. Gawo lachiwiri la ndalama limayenera kulowa pa 15 Okutobala; lero ndi pa 5 Novembala, ku banki kuli zii. Mkulu wa bungwe, mutu utatentha, walemba kuti:

"Takhumudwa kwambiri kuti mpaka pano simunatumize ndalama monga munalonjezera. Alimi akuvutika chifukwa cha kuchedwa kwanu. Chonde tumizani msangamsanga."

Mkwiyowo ndikuumvetsa, koma kalatayi singafulumizitse kanthu. Woilandira nthawi zambiri ndi woyang'anira pulojekiti, pamene wotulutsa ndalama ndi wina wa ku ofesi ya zachuma. Woyang'anirayu ndiye mkhalapakati wanu. Mukamuloza chala, amayamba wadziteteza kaye, ndipo kalata yaukali sangaipititse kwa anzake a zachuma momwe ilili. Komanso mawu oti "msangamsanga" aliyense wopempha amawalemba. Sakunena ngati ndi mawa kapena mwezi wamawa.

Palinso matenda ena omwe ife timadwala kwambiri: ulemu wopyola muyeso. Moni ndime ziwiri, kuthokoza ndime ina, kenaka kumapeto "timangofuna kukumbutsako pang'ono". Wowerenga amaganiza kuti zonse zili bwino, nkuyiika pambali.

Musanalembe, sesani kaye kwanu. Mapangano ambiri amati gawo lotsatira lituluka lipoti la gawo loyamba likavomerezedwa, mwinanso pokhapokha mutagwiritsa ntchito mlingo wakutiwakuti wa ndalama zoyambazo. Kodi lipotilo analilandira? Palibe funso la malisiti lomwe simunayankhe? Nambala ya akaunti sinasinthe? Nthawi zina ndalama zimakhala zinatuluka kale koma zaima pa banki ya pakati, kapena banki yanu ikudikira pepala lofotokoza ntchito ya ndalamazo. Mungakalipire munthu amene analipira sabata yatha.

Mukatsimikiza zimenezi, kalata ija ingakhale motere. Pamutu: "Gawo lachiwiri la pulojekiti ya soya: likufunika pofika 14 Novembala". Ndipo mkati, moni wachidule atatha:

"Malinga ndi pangano lathu, gawo lachiwiri timaliyembekezera pa 15 Okutobala. Pofika lero silinaonekere mu akaunti yathu. Lipoti la gawo loyamba tinatumiza pa 30 Seputembala. Ngati pali chosoweka, tidziwitseni ndipo tiyankha tsiku lomwelo. Wogulitsa mbewu watisungira mtengo mpaka pa 14 Novembala, ndipo kugawa mbewu kwa alimi 300 kumatenga sabata. Tsikuli likadutsa, mbewu ifika alimi atadzala kale zina, ndipo nyengo ina yodzala ndi chaka chamawa. Kodi mungatiuze pofika Lachisanu tsiku lomwe ndalama zingatuluke? Ngati zinatumizidwa kale, tipatseni chikalata cha banki kuti tizilondole."

Onani chimene chasintha. "Simunatumize" wasanduka "silinaonekere mu akaunti yathu". Sikuti nkunyengerera ayi. Chachiwiricho ndicho chokhacho mukudziwa motsimikiza. Choyambacho ndi mlandu womwe mulibe nawo umboni. Changu chonse chasenzedwa ndi masiku ndi zotsatira zake, popanda liwu loti takhumudwa. Ndipo funso ndi limodzi, loyankhika: liti? Chikalata cha banki chija ambiri amachitchula MT103, ndipo chimakhala ndi nambala yomwe banki yanu ingafufuzire ndalamazo.

Za mtengo musazitenge mopepuka. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali ndi bajeti ya m'makwacha anapeza kuti ndalama zomwezo zikugula katundu wochepa. N'chifukwa chake tsiku lomwe mtengo wa wogulitsa uthere liyenera kulowa m'kalata. Koma likhale loona. Mukapeka tsiku kuti muwaopseze, nkudutsa popanda choipa chilichonse, kalata yanu yotsatira adzaiwerenga mwaulesi.

Ndimakondanso kuwonjezera chiganizo chopereka njira ina: ngati gawo lonse silingatuluke, atumizeko za mbewu zokha, kapena alole molemba kuti mubwereke pa mzere wina wa bajeti. Chilolezocho chikhale cholembedwa ndithu, pakuti wowerengera mabuku akadzabwera sadzamva zoti munagwirizana pafoni.

Lachisanu likadutsa osayankhidwa, imbani foni kwa yemweyo musanalumphire kwa bwana wake, ndipo mukatha kulankhula mulembereni mizere iwiri yobwereza zomwe mwamvana. Ngati mpofunikadi kukwera pamwamba, muuzeni kaye kuti mukopera bwanayo kalata yotsatira.