ZA PAKHOMO PATHU: Zigoba za Mazira Zibwerere kwa Nkhuku

M'midzi ya ku Mpingu, Namitete, Nsaru ndi Kabudula mwamveka mau akuti zigoba za mazira ndi fetereza waulere, ndipo ena ayamba kuziwaza m'munda wa mtedza ndi m'dimba la matimati. Mauwa ali ndi choona chake. Chigoba cha dzira pafupifupi chonse ndi laimu, ndipo m'laimumo muli kashiamu, mchere uja umene umalimbitsa mafupa ndi mano. Chigoba chimodzi chouma chimalemera magalamu 5 kapena 6, ndipo mwa amenewa magalamu 2 ndiwo kashiamu. Funso lathu mwezi uno ndi lakuti, kodi magalamu awiriwa tiwapereke kuti kuti atipindulire?

Tiyambe ndi mtedza, popeza dera lino ndi kwao kwa mtedza, ndipo pa malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze mbeuyi yafufuzidwa zaka zambiri. Mtedza uli ndi khalidwe lachilendo: khoko lake likalowa pansi limayamwa lokha kashiamu m'dothi lolizungulira, osadalira mizu. Dothilo likakhala losowa kashiamu, kapena likauma pa nthawi yobereka, timakumba makoko ooneka bwino kunja koma opanda kanthu m'kati, makamaka pa mtedza wa maso akuluakulu monga Chalimbana ndi CG7. Mankhwala ake ndi jipisamu, wothira mtedza ukayamba maluwa. Tsono ana a sukulu atenge pensulo. Tiyerekeze kuti pa hekitala imodzi tathira makilogalamu 200 a jipisamu. M'menemo muli kashiamu wokwana makilogalamu 45 kapena kuyandikira apo. Kuti tipeze muyeso womwewo m'zigoba, pafunika mazira oposa 20,000. Ndi banja liti pa Nambuma limene lingadye mazira otere? Ndiponso jipisamu amasungunuka ndi mvula ya chaka chomwecho, pamene chigoba chophwanya ndi manja timachipeza chiri choyera m'dothi patapita zaka.

Za matimati akuda kunsi nkhani yake ndi yaifupi. Kawirikawiri kashiamu amakhala alimo m'dothi, koma mbeu imalephera kumukweza chifukwa lero tathirira kwambiri, mawa ndi mkuja osathirira. Kuthirira mofanana tsiku ndi tsiku ndi kuphimbira ndi udzu kumathandiza koposa zigoba.

Amene akusowadi zigobazi ali m'khola. Nkhuku yachikuda yoyendayenda imadzitolera tiziwala, nkhono ndi timiyala, ndipo siikira mazira ambiri, chotero siivutika kwenikweni. Koma nkhuku za Mikolongwe ndi zina za mazira, zikatsekeredwa ndi kupatsidwa madeya okha, zimalowa m'mavuto, pakuti m'madeya kashiamu ndi wochepa zedi. Thadzi likamusowa m'chakudya limamuchotsa m'mafupa ake omwe. Tidzazindikira poona mazira a zigoba zopyapyala zosweka pongowatola, ena otuluka ofewa ngati chikopa, nkhuku zoyamba kujompha mazira ao, ndipo potsiriza thadzi logwa miyendo, longokhala pansi.

Nachi chitsanzo. Mai wa m'Chigwirizano ali ndi mathadzi 10 amene akuikira mazira 6 pa tsiku. Thadzi loikira limafuna pafupifupi magalamu 4 a kashiamu pa tsiku, ndiye kuti khola lonse lifuna magalamu 40. Maiwo akabweza zigoba zonse zisanu ndi chimodzi, abweza magalamu 12 okha, osafika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Ndipo ngati mazira anai agulitsidwa pa msika, zigoba zake zapita ndi ogula. Apa tikuona kuti zigoba ndi chithandizo chenicheni, koma sizilowa m'malo mwa chakudya cha nkhuku zoikira chogula kusitolo, kapena laimu wa ziweto. Amene ali pafupi ndi malo ogulitsira tiyi kapena okazingira mazira angathe kupempha zigoba kumeneko.

Pamenepa mpamene pafunika kusamala, ndipo tikupempha makolo kuti asangotuma ana osawaonetsa kachitidwe kake. Dzira limatulukira njira yomweyo imene zitosi zimatulukira, motero pa chigoba pangakhale tizilombo ta Salimonela toyambitsa kutsegula m'mimba ndi kutentha thupi. Zigoba za kwina zingabweretsenso matenda a khola la eni ake m'khola lathu. Za dzira lovunda, za mazira amene nkhuku inafungatira osaswa, ndi za nkhuku zodwala chitopa, tizikwirire m'dzenje basi.

Zabwinozo tizitsuke nthawi yomweyo tangoswa dzira, tisanaziunjike, pochotsa ndi chala zoterera zonse za m'kati. Zimenezi ndizo zimanunkha ndi kuitana ntchentche. Kenaka tiziike mumphika wa madzi ndi kuziwiritsa mphindi zosachepera 10, kuwerenga kuyambira pamene madzi abwata, osati pamene taika mphika pa moto. Ambiri amalumpha sitepe imeneyi poganiza kuti dzuwa likwanira. Dzuwa limaumitsa, koma sitingalidalire kuti lapha tizilombo tonse. Tikatsanula madzi, tiyanike zigobazo pa lichero loyera pamwamba pa thandala, pamene nkhuku ndi agalu safika, tsiku limodzi kapena awiri. M'nyengo ya dzinja, dzuwa likamabisala, tizikazinge m'chiwaya pa makala ozirala pang'ono kwa mphindi ngati 10, tikutakasa. Zikayamba kufiira ndi kununkha ngati tsitsi lopserera, moto wachuluka. Chigoba chouma bwino chimathetheka pakati pa zala, ndipo kachikopa kake ka m'kati kamafumbutuka. Kakamakoka ngati pulasitiki, chinyezi chikadalimo. Amene wagwira zigoba zosawiritsa asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

Posinja mumtondo, za nkhuku tisazipere kukhala ufa. Zikhale tizidutswa tonga mpunga, chifukwa thadzi limaumba chigoba makamaka usiku, ndipo tizidutswa totere timakhalitsa m'nthutumba ndi kusungunuka pang'onopang'ono nthawi imene tikufunika. Komanso tisaponye chigoba chathunthu m'khola, kuopa kuti nkhuku zingaphunzire kujompha mazira, khalidwe lovuta kuletsa likayamba. Tiike m'kachitini kapadera kuti thadzi lofuna lidzitapire lokha. Tisasanganize ndi chakudya cha anapiye, pakuti kashiamu wochuluka amawononga impso za nkhuku imene sinayambe kuikira. Zotsala tisunge m'botolo louma lotseka bwino. Tikadzatsegula ndi kumva fungo kapena kuona nkhungu, zipite ku dzenje la manyowa, kumene zidzathandiza dothi pang'ono m'kupita kwa zaka.

Ena afunsa ngati munthu angadye. Angathe, koma malamulo ake ndi okhwima: kuwiritsa kufike mphindi 30, kusinja kufike pa ufa wosalala, ndipo usefedwe ndi sefa yabwino, chifukwa kachidutswa kakuthwa kangakande pakhosi. Munthu wamkulu amafuna pafupifupi galamu imodzi ya kashiamu pa tsiku, imene iri m'theka la chigoba chimodzi, chotero kambeu kochepa pa nsonga ya supuni yaing'ono m'phala nkokwanira. Ana aang'ono, amai oyembekezera, odwala impso ndi amene akumwa mankhwala a tsiku ndi tsiku ayambe afunsa kuchipatala, popeza kashiamu amatchinga mankhwala ena kuti asalowe bwino m'thupi. Banja limene limadya usipa ndi matemba pamodzi ndi minga yake, kapena bonongwe ndi chisoso kawirikawiri, likupeza kale gawo labwino la mchere umenewu m'mbale ya ndiwo, ndipo zigoba zake lingazisiyire mathadzi.