Wolephera Mayeso Ayambe Wadzipima

Anzanga, ambiri a ife a m'Fomu 4 tikafunsidwa nchito imene tifuna, tiyankha msanga kuti udokotala kapena unamwino. Koma sitikamba kawirikawiri za cimene cigwera ena ophunzira nchito zimenezi, ndico kulephera mayeso ndi kuuzidwa kuti abwereze. Ine nditi munthu wotere asathamangire kutsegula buku pa tsamba loyamba ai. Ayambe wadzipima monga apimira wodwala ku cipatala.

Kale munthu akatentha thupi, ambiri anali kungoti ndi malungo, nampatsa mankhwala. Koma mu 1993 dziko lathu linasiya kolorokwini cifukwa sanali kuciritsanso, ndipo mankhwala a malungo sanakhalenso cinthu comwaza cisawawa. Mu 2010 Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse linalangiza kuti woganiziridwa malungo ayambe wapimidwa magazi asanalandire mankhwala, pakuti thupi litentha ndi matenda ambiri. Wodwala cibayo ukampatsa LA, wataya masiku atatu, cibayo cikukulirakulira. Malikisi ocepa ali ngati kutentha thupi kuja. Akuuza kuti pali cobvuta, koma sachula dzina lake.

Izi ndinaziona kwa acemwali anga, amene akuphunzira za cipatala ku koleji ina. Pa mayeso a matenda a ana anapeza 44, pamene lamulo la kumeneko lifuna 50. Anawapatsa masabata 6 kuti abwereze, ndipo akalepheranso abwereza caka conse. Atate anagulitsa kale mbuzi zinai cifukwa ca fizi, ndipo m'kholamo simunatsale zambiri. Amalume, amene ali munthu wabwino ndithu, anati: "Mwana wa mlongo wanga, yambanso bukulo, ulitsirize kawiri, usiku usagone." Bukulo ndi lonenepa ngati njerwa ziwiri.

Acemwali sanatero. Popeza pepala limene analephera silinabwezedwe kwa iwo, anatenga pepala la caka cina la mafunso 100, a mtundu uja wosankha yankho limodzi mwa angapo, nandipatsa ine wochi. Analemba maola awiri enieni, buku liri cotseka. Pambali pa yankho liri lonse anaika cizindikiro: kadontho ngati adziwa ndithu, kamtanda ngati angolota. Nthawi itatha ndinalanda pepala. Anakhoza 47, koma 10 mwa amenewo anali a kamtanda. Iwo anati: "Iwe, awa usawawerenge. Mwai subwera kawiri pa khomo limodzi."

Tsono nchito yeniyeni inali pa mafunso 53 olakwa. Sanawagawe monga mwa mitu ya m'buku poyamba, koma monga mwa cifukwa cimene analakwira. Pa funso liri lonse anadzifunsa kuti, kodi cinandigwetsa apa nciani? Panatuluka milu inai. Mafunso 9 sanawafike konse, nthawi inawathera. Ena 8 anawerenga mothamanga, osaona kamau kaja ka Cingerezi kotanthauza "kupatula", cotero anasankha coona pamene funso linafuna cabodza. Mafunso 15 anali a zinthu zimene sanazidziwe mpang'ono pomwe. Mulu waukulu, wa mafunso 21, unali wa zinthu zimene anazidziwa koma anazisokoneza ndi zinzake zofanana nazo.

Taonani tsono uphungu wa amalume. Kuwerenga buku lonse kungathandize mulu wa 15 uja, koma sikuphunzitsa munthu kuyang'ana wochi, kapena kuona kamau kobisala m'funso. Ndipo pa mulu wa 21 kuwerenga kumanyenga koposa, cifukwa maso akafika pa tsamba limene unaliona kale, mtima uti, "Izi ndizidziwa," nudumpha.

Lekani ndichule funso limodzi la mulu umenewo. Mwana wa makilo 12 wafika akukomoka, satha kumwa, ndipo magazi aonetsa malungo. Acemwali anadziwa bwino kuti awa ndi malungo aakulu, osati a mapiritsi, ndi kuti afunika jekeseni wa atesuneti pofika pomwepo, wina patapita maola 12, ndi wina pa maola 24. Anadziwanso muyeso wa mamiligalamu 2.4 pa kilo iri yonse, nacurukitsa ndi 12, napeza 28.8. Masamu anali olondola, koma yankho linali lolakwa. Kuyambira 2015 malangizo a bungwe lija ati mwana wosafika makilo 20 alandire mamiligalamu 3 pa kilo, cifukwa m'thupi laling'ono muyeso wa akulu upereka mankhwala operewera m'magazi. Yankho linali 36. Manambala onse awiri anali m'mutu mwao. Cimene cinasowa ndi kuima kaye ndi kufunsa kuti mwanayu alemera bwanji. Atayang'ananso muluwo, anapeza kuti 13 mwa 21 anali a mtundu womwewo, a miyeso ya mankhwala ndi ya madzi a mwana wotsegula m'mimba. Nthenda yao inali imodzi, yobvala malaya 13.

Mankhwala ake sanali kuwerenga. M'mawa uli wonse ine ndinali kuwalembera ana asanu a m'mutu mwanga, wina wa makilo 8, wina 19, wina 25, ndipo iwo anali kuwerengera miyeso ndi pensulo asanaone buku. Thanzi wa mwana woperewera madzi pang'ono ndi mamililita 75 pa kilo m'maola anai. Wa makilo 10 amwa 750. Ndinafika poidziwa ndine, ngakhale sindinapemphe. Za nthawi anagawa cotere: mafunso 100 m'maola awiri ndiwo mafunso 25 pa theka la ola liri lonse, ndipo funso lokakamira alisiye, alibwerere pomariza. Pa kamau kobisala kaja anazolowera kukalemba mzere pansi asanayang'ane mayankho.

Mnzanga wina wa m'kalasi mwathu anatsutsa nati: "Nanga pepala la kubwereza lidzafunsa zomwezo? Ukasamala mabala okha, zimene unakhoza zidzakuthawa." Apa ali ndi mfundo, ndipo sindiikana. Pepala limodzi ndi kadontho kamodzi ka magazi, lingathe kuphonya. Ncifukwa cake acemwali anali kulemba pepala lina lathunthu Loweruka liri lonse, lokhudza mitu yonse, nagawanso zolakwa m'milu inai yomweyo. Mutu umene unali wolimba ukayamba kugwedera, unaoneka msanga pamenepo. Koma kupatsa mitu yonse nthawi yofanana, pamene udziwa kumene kukudontha, kuli ngati kufolera denga lonse cifukwa ca pangodya pamodzi, mvula iri pafupi ndi udzu uli wocepa.

Patapita masabata atatu tinawerenganso. Mulu wosokoneza unatsika kucoka pa 21 kufika pa 9, ndipo mafunso osafikidwa anatsala 2. Koma mulu wa zosadziwa unali pa 14, pafupifupi pomwe unali. Apo mpamene buku la amalume linatsegulidwa, koma pa mitu iwiri yokha imene inali kubwera m'mapepala onse: matenda a makanda ongobadwa kumene, ndi kusowa zakudya m'thupi. Matenda aja osowa, amene anaoneka kamodzi m'mapepala anai, anawasiya dala. Amalume atamva anapukusa mutu, komabe anabwera ndi mabatire a toci. Mayeso ali Lolemba likudzali, ndipo pa pepala la Loweruka lathali acemwali anapeza 63, a kamtanda ali 4.