Mkango wakuda wa pa foni

Achimwene anga a ku Warren Park anditumizira chithunzi cha mkango wakuda bii, ati waoneka ku Warren Hills. Abale, ine ndimati tisanatsutsane za mtundu wa chilombo, tiyambe tafufuza kumene chithunzicho chachokera. Ichi chakhala chikuzungulira kuyambira 2012, pamene munthu wina anatenga chithunzi cha mkango woyera n'kuudetsa pa kompyuta. Mkango wakuda chotere sunapezekepo. Nditachiika mu Google Lens, choyambiriracho chinatuluka: malo omwewo, nkhope yomweyo, ubweya wokha ndiwo unasintha. Kuyang'ana mthunzi ndi kuwerenga miyendo kumagwira zithunzi zophatikiza kapena zopangidwa ndi makina, koma apa sikukanathandiza, pakuti thupi lonselo ndi la mkango weniweni.