Kusefa Anthu pa LinkedIn: Udindo wa Munthu ndi Kukula kwa Kampani

Mwezi uno tikambirane za bvuto limene limagwera ambiri amene atsegula LinkedIn kufuna munthu woti acite naye malonda kapena womupempha nchito. Amalemba liu limodzi m'kabokosi kofufuzira, ndipo pamatuluka maina zikwizikwi, a ku Lusaka, a ku Nairobi, ngakhale a ku India. Amawerenga masamba awiri kapena atatu, ndalama za mabando n'kutha, osapeza kanthu. LinkedIn, imene inayamba m'caka ca 2003 ndi kugulidwa ndi Microsoft mu 2016, ili ndi masefa ocepetsera unyinji umenewu. Masefa awiri amene tifuna kuwaona bwino ndi la udindo wa munthu ndi la kukula kwa kampani imene agwirako nchito.

Kuti nkhani imveke, tiyerekeze kuti pali kagulu ka alimi ku Katete kamene kasonkhanitsa matumba 400 a nshawa zosenda, lirilonse la makilogiramu 50, ndiye kuti matani 20. Alimiwo safuna kugulitsa kwa amalonda oyenda m'midzi ndi sikelo zao. Afuna kampani yopanga zakudya imene ingagule zonse pamodzi. Kalembera wa gululo ali ndi foni ndipo analembetsa pa LinkedIn mwaulere. Kodi afune yani?

Funso loyamba si dzina la munthu ai, koma kukula kwa kampani. M'kakampani ka anthu osapitirira khumi, kawirikawiri mwini wace ndiye amagula zonse yekha, ndipo matani 20 angamukulire. M'kampani ya anchito zikwi, wogula katundu alipo ndithu, koma amatsata malamulo a matenda a malonda ndi kulembetsa ogulitsa, ndipo kagulu kakang'ono kangayembekeze miyezi osayankhidwa. Pakati-kati, pa kampani ya anchito 51 mpaka 200, nthawi zambiri pamakhala munthu mmodzi kapena awiri amene nchito yao ndi kugula katundu, ndipo munthu angathe kukamba nao mwacindunji. Motero kalembera wathu adziwa cimene afuna: wogula katundu, m'kampani ya zakudya ya msinkhu umenewu, m'Zambia.

Apa ndipo pamene ambiri amasocera. Pa LinkedIn yaulere, mukasankha `People` kuti mufufuze anthu, mudzapeza masefa a malo, a kampani, a sukulu ndi a mtundu wa nchito, koma sefa la kukula kwa kampani simudzalipeza. Sefalo liri mbali ina, pofufuza makampani. Tsono nchitoyi iyenera kucitika pawiri: coyamba tisefe makampani, caciwiri tisefe anthu a m'makampaniwo.

Kalembera alembe `food processing` m'kabokosi kofufuzira, ndipo zotsatira zikabwera asankhe `Companies`. Pa `Locations` aike `Zambia`. Pa `Industry` asankhe `Food and Beverage Manufacturing`. Pa `Company size` adzaona magulu oyambira pa `1-10`, kenaka `11-50`, `51-200`, `201-500`, mpaka kufika pa makampani a anchito opitirira 10,000. Iye acongepo `51-200`. Tinene kuti patsala makampani makumi atatu. Ena ndi ophika buledi, ena ndi a zakumwa, ndipo nshawa alibe nazo nchito. Powerenga mau ofotokoza kampani iriyonse pa `About`, apeza asanu ndi atatu opanga cimponde, mafuta ophikira kapena phala la ana. Maina asanu ndi atatuwo awalembe m'kope, pakuti ndiwo adzagwiritsa nchito pa gawo laciwiri.

Tsopano abwerere ku `People`, atsegule `All filters`, ndipo pa `Current company` aike maina aja limodzi-limodzi. Asamale kuti asawaike pa `Past company`, cifukwa sefa limenelo limaonetsa anthu amene anacoka kale. Pansi pa mndandanda wa masefawo pali kabokosi kochedwa `Title`, m'mene mulembedwa udindo. Njira ina yacidule ndiyo kutsegula tsamba la kampani imodzi, kudina pa `People`, ndi kulemba udindowo m'kabokosi kamene kali pomwepo. Njira iyi ndi yocedwa, koma pa foni ndiyo yosabvuta.

Pa udindo pali msampha wace. LinkedIn sipatsa munthu udindo. Aliyense amadzilembera yekha monga afunira. Wogula katundu wa kampani ina amadzicha `procurement officer`, wa kwina `purchasing officer`, winanso `buyer` cabe. Tikalemba dzina limodzi, enawo tiwataya. Mankhwala ace ndi kulumikiza mainawo m'kabokosi kakakulu kofufuzira motere:

```
("procurement officer" OR "purchasing officer" OR buyer) NOT intern
```

Zizindikiro zogwira mau zimauza makina kuti mau awiriwo akhale pamodzi monga tawalembera. Liu la `OR` litanthauza kuti lirilonse mwa mainawo ndi lololedwa, ndipo `NOT` licotsa ophunzira nchito amene alibe mphamvu yogula kanthu. Mau awa ayenera kulembedwa ndi zilembo zazikulu. Mukawalemba ndi zazing'ono, makina amawayesa mau wamba, ndipo zotsatira zimasokonekera. Dziwaninso kuti kabokosi kakakulu kamayang'ana mbiri yonse ya munthu, osati udindo wace wokha. Cifukwa cace nthawi zina mudzaona woyendetsa galimoto kapena wosunga mabuku a ndalama atatuluka, kamba koti liu lija lipezeka penapace m'mbiri yace.

Tinene kuti kalembera wapeza anthu khumi ndi mmodzi. Nchito sinathe, pakuti sefa limalekanitsa zinthu potsata zimene anthu analemba, ndipo zolembedwa zimakalamba. Atsegule mbiri ya aliyense nayang'ane pa `Experience`. Pafupi ndi udindo umene akufuna payenera kukhala liu lakuti `Present`, kusonyeza kuti munthuyo akali pa nchitoyo. Koma ambiri amasintha nchito osakonza mbiri yao, motero ayang'anenso pa `Activity`. Munthu amene sanalembe kapena kuyankha kanthu kwa zaka ziwiri mwina satsegulanso LinkedIn, ndipo kalata yopita kwa iye idzangokhala osawerengedwa. Pa khumi ndi mmodzi aja, mwina atsala asanu. Asanu amenewa aposa zikwi zija za poyamba.

Nalo sefa la kukula kwa kampani liri ndi malire ace amene tiyenera kuwadziwa. Ciwerengero ca `51-200` sicicokera ku boma kapena ku bungwe lolembetsa makampani. Amacisankha ndi munthu amene amasamalira tsamba la kampaniyo. Ena amadzikuza kuti aoneke akulu, ena anasankha kale kampani ikali yaing'ono ndipo sanasinthenso. Pa tsamba lomwelo pamaoneka ciwerengero cina, ca anthu a pa LinkedIn amene analemba kuti amagwira nchito pamenepo. Ziwerengero ziwirizi sizimafanana, cifukwa anchito ambiri a m'fakitale sali pa LinkedIn. Ngati kampani iti ili ndi anchito 51 mpaka 200 ndipo apezekapo makumi awiri, palibe codabwitsa. Koma ngati apezekapo mmodzi yekha, tsamba liribe keyala ndiponso silinalembepo kanthu, pamenepo ticenjere ndi kufunsa kwa ena tisanatumize thumba ngakhale limodzi.

Malire ena ndi awa: kampani ya maiko ambiri imawerengedwa yonse pamodzi. Nthambi yace ya ku Lusaka ingakhale ndi anchito makumi asanu ndi limodzi okha, koma pa sefa idzagwera m'gulu la makampani a anchito zikwi, ndipo kalembera sadzaiona pa `51-200`. Ndiponso makampani ambiri a kwathu kuno alibe tsamba konse. Ndiye ngati zotsatira zacepa kwambiri, tisafulumire kunena kuti ogula kulibe. Timasule sefa limodzi pa nthawi imodzi: tionjezepo `11-50` ndi `201-500`, tione cimene casintha, pambuyo pace ticotse `Industry`, pakuti kampani ya cimponde ingakhale inadzilemba m'gulu la zaulimi. Tikamasula onse nthawi imodzi, sitidzadziwa limene linali kutsekereza. Pa makampani a `11-50`, tisinthenso udindo, tifune `director` kapena `operations manager`, popeza kumeneko ndiwo amagula.

Ena adzafunsa ngati palibe njira yocitira zonsezi kamodzi. Ilipo, koma ndi yolipira. Imachedwa Sales Navigator, ndipo m'menemo muli sefa la `Company headcount` ndi la `Current job title` pa tsamba limodzi. Ndi yopangidwira anthu amene amafufuza makasitomala tsiku ndi tsiku, ndipo malipiro ace ndi a mwezi ndi mwezi kapena a pa caka. Amene alandira nyengo yoyesera yaulere amapereka nambala ya khadi la ku banki, ndipo akapanda kuletsa nyengoyo isanathe, ndalama zimayamba kudulidwa. Kwa gulu logulitsa kamodzi pa caka, njira ya pawiri ija ndi yokwanira. Cokha coti tikumbuke ndi cakuti LinkedIn yaulere imaika malire pa kufufuza anthu mwezi uliwonse. Munthu akafufuza kwambiri amalandira cenjezo, kenaka zotsatira zimacepetsedwa kufikira tsiku loyamba la mwezi wotsatira. Ici ndi cifukwa cina coyambira ndi kope ndi pensulo m'malo mongodina-dina.

Cotsala ndi kugogoda pakhomo. Pambali pa dzina lirilonse pamalembedwa `1st`, `2nd` kapena `3rd+`. Cizindikiro ca `2nd` citanthauza kuti pali wina amene adziwana ndi inu ndiponso ndi munthuyo, ndipo LinkedIn imaonetsa dzina lace. Akulu anati safunsa anadya phula: kalembera ayambe wafunsa mnzaceyo ngati munthuyo alidi wogula, ndipo ngati n'kotheka amupemphe kuti awadziwanitse. Popanda wotero, adine `Connect` ndi kuonjezapo kakalata. Malo ace ndi ocepa, motero moni akhale wamfupi, ndipo zitsatire ndi zimene wogula afuna kudziwa: gulu liri kuti, matani ndi angati, nshawazo ndi za mtundu wanji, kaya Chalimbana kapena MGV4, ndiponso kuti ndi zouma bwino ndi zosankhidwa. Makalata otere pa LinkedIn yaulere ndi owerengeka pa mwezi, conco apite kwa asanu aja okha. Wina akayankha, kalembera aimbe foni ku ofesi ya kampaniyo pa nambala yopezeka kwina, atsimikize kuti munthuyo amagwiradi nchito kumeneko. Ndipo wogula aliyense amene ayamba ndi kupempha ndalama zolembetsera pa foni yace, ameneyo timusiye pomwepo.